Za ku Rome 1992: tsopano ndamvetsa chimene amipingo anachita

Mtima wakhala pansi. Funso limene linkandizunguza mutu pa phunziro lathu la za mtendere linali lakuti, anthu opanda asilikali kapena ndalama anatha bwanji kukhazika pansi boma la Frelimo la ku Mozambique ndi gulu lolimbana nalo la Renamo mpaka kusainirana pangano la mtendere ku Rome pa 4 Okutobala 1992? Za nkhondoyo sindibwereza, tonse tikuzidziwa.

Chimene ndagwira n'chakuti kupanda mphamvuko ndiye kunawalowetsa m'bwalo. Mu 1989 amkhalapakati anali mapulezidenti Moi wa ku Kenya ndi Mugabe wa ku Zimbabwe, koma sizinayende, chifukwa boma la Mozambique linkaona Kenya ngati bwenzi la Renamo, pamene Zimbabwe inali ndi asilikali m'dzikomo omenyana ndi Renamo yomweyo. Ngakhale msonkhano umene unakonzedwa ku Blantyre mu 1990 unalephereka. Koma gulu la Akatolika la ku Rome lotchedwa Sant'Egidio, kumene zokambirana zinachitikira, linalibe chowopsezera wina aliyense. Zokambirana zitayamba mu Julaye 1990, Andrea Riccardi ndi Bambo Matteo Zuppi a gululo, Bishopu Jaime Gonçalves wa ku Beira ndi Mario Raffaelli wa boma la Italy analowa ngati ongoyang'anira. Mbali ziwirizo zinawapatsa udindo wa umkhalapakati pambuyo pake. Chinanso, Gonçalves anali wa mtundu wa Andau ngati Dhlakama, mtsogoleri wa Renamo, ndipo anali atapita kale kutchire kukaonana naye mu 1988.

Njira imene yanditsegula maso, ndipo ndikuona ngati imaposa zina zonse, ndi yolemba mzere wa zaka n'kumaikapo amene analowa pa zokambirana ndiponso chimene anabweretsa. Mukatero muona kuti amipingo anagwira gawo lakuti adaniwo avomerezane. Pangano la mu Okutobala 1991 ndi limene linamasula mfundo: Renamo inavomera kuti boma lilipo, bomanso linalonjeza kusakhazikitsa malamulo osemphana ndi zimene agwirizana. Koma itafika nkhani ya gulu latsopano la nkhondo la asilikali 30,000, theka kuchokera mbali iliyonse, panafunika maiko monga America, Britain, France ndi Portugal, kenako bungwe la United Nations lodzaonetsetsa kuti mfuti zatulidwa. Pemphero silingalondere msasa wa asilikali.

Kuipa kwa njira ya amipingoyi ndi kuchedwa. Panapita miyezi 27 anthu akufabe, popeza amkhalapakatiwo sakanatha kukakamiza munthu. Kuleka kumenyana kwa mu Disembala 1990 kunangokhudza njira za Beira ndi Limpopo, kwinako nkhondo inkapitirira.

Chondiwawa n'chakuti aphunzitsi athu anathera nthawi yonse pa matanthauzo a mawu, nkhani yeniyeniyi n'kungoithamangira sabata yomaliza, lipoti likufunika kale.

Pali chimodzi chimene chikundisautsabe. Mu 1992 kunali chilala choopsa, ndipo maiko amene ankathandiza mbali zonse anali atatopa. Kodi ndi luso la amkhalapakati limene linathetsa nkhondo, kapena anangosunga khomo lotsekula mpaka omenyanawo atafooka okha? Mu lipoti ndikutsamira ku mbali yachiwiriyi, koma ndikakumbukira ulendo wa Gonçalves uja ndimayambanso kukayika.